Moni wa chaka chatsopano kwa mnzanu wa malonda wa ku Tchaina: mawu ati, kwa yani, tsiku liti

Chaka chilichonse, pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, mafakitale a m'zigawo za Guangdong ndi Zhejiang amazimitsa makina, antchito nkulongedza zikwama kupita kwawo. Amalonda a kuno amene amaoda katundu ku Guangzhou kapena ku Yiwu amaidziwa nyengoyi chifukwa cha zowawa zake: mafoni sayankhidwa, makontena amachedwa, ndipo amene analonjeza kutumiza katundu sabata yamawa amangoti zii. Ku Tchaina ino ndi nyengo ya Chunjie, chikondwerero cha chaka chatsopano chowerengera mwezi. Tsiku lake limasuntha. Mu 2025 linali 29 Januwale, la 2026 ndi 17 Febuluwale, pamene la 2027 ndi 6 Febuluwale. Tchuthi cha boma sichitalika, chinali cha masiku 8 mu 2025, koma mafakitale ambiri amatseka masabata awiri, atatu, ngakhale anayi, poti antchito awo ndi ochokera kumidzi yakutali ndipo sabwerera msanga.

Malonda akaima chonchi, chimene chimayenda ndi moni. Aliyense amene munachita naye malonda m'chakacho amayembekezera kamawu kochokera kwa inu, ndipo nayenso amatumiza ake. Chimandarini chili ndi mawu ambirimbiri a mafuno abwino, pafupifupi onse a zilembo zinayi zinayi, ndipo munthu wongoona mndandanda wake angaganize kuti ndi ofanana, ungotolapo alionse. Ayi ndithu. Mawu aliwonse amafunira munthu chinthu chapadera, ndipo funso loyamba posankha ndi lakuti: kodi munthuyu amadyera pati? Mwini fakitale amadyera pa phindu, wolembedwa ntchito amadyera pa malipiro ndi udindo, wa boma amadyera pa mbiri yoyera. Mafuno okomera woyambayo akhoza kumchititsa manyazi wachitatuyo.

Ndisanafike pa mawuwo, ndinenepo za kawerengedwe. Chimandarini chikalembedwa m'zilembo zathuzi chimatsata njira yotchedwa pinyin, yomwenso anthu amagwiritsa ntchito polemba pa foni. Mlankhuli wa Chichewa ali ndi mwayi pano, chifukwa ife timasiyanitsa kale k ndi kh, p ndi ph, t ndi th, ch ndi tch, ndipo Chimandarini chimasiyanitsa chimodzimodzi. Pamene pinyin yalemba g, tchulani k wathu. Pamene yalemba k, tchulani kh. Momwemonso b ndi p wathu, p ndi ph, d ndi t, t ndi th. Zilembo j ndi zh zimayandikira ch, q ndi ch zimayandikira tch, x imamveka pafupi ndi sh, ndipo c ndi ts wotulutsa mpweya. Mukagwira zimenezi, mwapita patali kuposa mlendo wamba.

Mawu osalakwika, ndi mawu a chuma

Moni umene sungakulakwitseni kwa wina aliyense ndi xīnnián kuàilè (新年快乐), kutchula kwake shin-nyen khwai-la, kutanthauza kuti chaka chatsopano chikhale cha chimwemwe. Mng'ono wake ndi xīnnián hǎo (新年好), shin-nyen hao, umene umamveka ngati moni wapakamwa wa anthu okumana pakhomo. Kumpoto kwa dzikolo mudzamva kwambiri guònián hǎo (过年好). M'makalata a kampani amakonda xīnchūn kuàilè (新春快乐), chifukwa mawu amenewa amaloza Chunjie yokha, pamene xīnnián kuàilè amanenedwanso pa 1 Januwale. Onsewa ndi otsegulira chabe. Munthu amene mwagula naye katundu wa ndalama zambiri mukangomulembera xīnnián kuàilè nkuthera pomwepo, sakhumudwa, komanso sadzakumbukira kuti munalemba.

Mawu odziwika kwambiri kunja kwa Tchaina ndi gōngxǐ fācái (恭喜发财), kung-shi fa-tsai. Ambiri amayesa kuti amatanthauza chaka chabwino, koma mulibemo chaka m'mawuwa. Gōngxǐ ndi kuyamikira munthu pa mwayi wake, fācái ndi kulemera. Mukumuuza munthu kuti: mafuno abwino, mulemere. Kumwera, ku Guangdong ndi ku Hong Kong, kumene Chikantoni chimawatchula kuti kung hei fat choi, mawuwa ali pakamwa pa aliyense. Kwa mwini sitolo mumsika, kwa wokuthandizani kutumiza katundu padoko, kwa mwini kafakitale amene munadya naye mpunga pa tebulo limodzi, ndi mawu oyenera ndipo adzakubwezerani omwewo akuseka. Koma ndi mawu apakamwa, achimasomaso pang'ono. M'kalata yopita kwa mkulu wa kampani yaikulu amene munangoonana naye kamodzi, amamveka opepuka.

Pali kamchira kamene ana amawonjezera pa mawuwa, hóngbāo ná lái, kutanthauza kuti bweretsani envelopu yofiira ya ndalama. Zimamveka bwino chifukwa cái ndi lái zikugwirizana, ndipo n'chifukwa chake alendo ophunzira chinenerochi amakonda kuziloweza. Ndi nthabwala ya ana kwa akuluakulu komanso ya mabwenzi apamtima. Munthu wamkulu wofuna kuchotseredwa mtengo pa kontena asayambe chaka ndi kupempha envelopu.

Mawu amene ndimawaona kuti ndi enieni a wamalonda ndi shēngyì xīnglóng (生意兴隆), shang-i shing-lung, kutanthauza kuti malonda anu ayende ndi kukula. Amayenda limodzi ndi cáiyuán guǎngjìn (财源广进), tsai-yuwen kwang-chin, kuti chuma chilowe kuchokera mbali zonse. Awiriwa ndi amene amalembedwa pa mapepala ofiira omata pa zitseko za masitolo komanso pa maluwa otumizidwa potsegulira bizinesi, kotero mwini malonda akawawerenga amadziwa kuti mukumudziwa chimene iye ali. Kusiyana kwake ndi gōngxǐ fācái nkwakuti awa amafunira ntchito yake, osati thumba lake lokha, ndipo amakhala bwino pakamwa ndi papepala pomwe.

Ngati mukulembera kampani yonse, osati munthu, pali zhēngzhēng rìshàng (蒸蒸日上), chang-chang ri-shang, kuti ikwere tsiku ndi tsiku. Pamenepo kampaniyo muitchule kuti guì gōngsī (贵公司), kampani yanu yolemekezeka, monga mwa mwambo wa makalata awo.

Pamene mafuno a chuma amalakwa

Tiyerekeze kuti mumagulitsa matailosi mu Lilongwe ndipo mumawaoda ku fakitale ina ya ku Foshan, mzinda woyandikana ndi Guangzhou wodziwika ndi zoumba. Pa fakitalepo mumadziwana ndi anthu awiri: mwini wake, amene munadya naye kamodzi, ndi mayi woyang'anira zogulitsa kunja, amene mumalemberana naye pafupifupi sabata iliyonse. Kunja kwa fakitale kuli bambo wa kampani yaing'ono yotumiza katundu pa sitima. Ndipo kuno kumudzi mumagulitsa matailosi ena kwa injiniya wa kampani yomanga ya boma la Tchaina. Anthu anayi, ndipo uthenga umodzi sungawakwane onse.

Mwini fakitale ndi bambo wa sitima uja ndi eni malonda, choncho shēngyì xīnglóng ndi cáiyuán guǎngjìn ndi zawo. Mayi uja malondawo si ake. Mukamufunira kuti malonda ake akule, mwafunira abwana ake kudzera mwa iye. Sizonyoza, koma zikusonyeza kuti simunaganize za iye. Mawu ake ndi gōngzuò shùnlì (工作顺利), kung-tswo shun-li, ntchito iyende bwino, ndi bùbù gāoshēng (步步高升), pu-pu kao-shang, mukwere udindo phazi ndi phazi. Mawu achiwiriwa osawatembenuzira kwa mwini fakitale. Iye ali kale pamwamba, palibe womukweza, ndipo kumufunira kukwezedwa kuli ngati kumuyesa wolembedwa ntchito pa fakitale yake yomwe. Ngati mayiyo amalandira kena kake pa katundu aliyense amene wagulitsa, ndipo mumaseka naye, gōngxǐ fācái wapakamwa ndi wololeka.

Kwa injiniya wa kampani ya boma, komanso kwa aliyense wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe kapena m'boma, nkhani ya kulemera isiyeni. Mu Disembala 2012 chipani cholamula ku Tchaina chinakhazikitsa malamulo 8 okhudza khalidwe la akuluakulu, ndipo kuyambira pamenepo nkhani ya mphatso, maphwando ndi maenvelopu kwa anthu a boma imafufuzidwa mwamphamvu, makamaka nyengo ya zikondwerero. Munthu wodyera malipiro a boma akalemera, anthu amafunsa kumene wazitenga. Ndiye uthenga wochokera kwa wogulitsa katundu womufunira kuti chuma chilowe mbali zonse ndi chinthu chimene iye sangafune kuti chipezeke m'foni yake. Mufunireni gōngzuò shùnlì, thanzi, ndi mtendere wa pabanja. N'zokwana.

Palinso ntchito zina zimene shēngyì xīnglóng saziyenera ngakhale munthuyo ali mwini wake: dokotala, mwini chipatala, woyendetsa za maliro. Ifenso pano sitimuuza wokhoma mabokosi a maliro kuti chaka chino makasitomala akuchulukireni. Amene amaoda mankhwala kapena zipangizo za m'chipatala ali pakatikati. Fakitale yopanga magolovesi ndi bizinesi ngati ina iliyonse ndipo mawu a malonda amaikwana, koma dokotala amene anakulumikizani nayo mumufunire shìyè yǒuchéng (事业有成), shi-ye you-tchang, kuti ntchito ya moyo wake ibale zipatso.

Mawu awiri amene amakwana onse anayi aja ndi shēntǐ jiànkāng (身体健康), shen-thi chyen-khang, thanzi labwino, ndi wànshì rúyì (万事如意), wan-shi ru-i, zonse ziyende monga mtima wanu ufunira. Mukakayika za udindo wa munthu, gwirani amenewa. Wachitatu ndi héjiā xìngfú (阖家幸福), ha-chya shing-fu, banja lonse likhale pa chisangalalo. Ine ndimawaika patsogolo pa ena onse, chifukwa Chunjie ndi chikondwerero cha banja. Munthu amawerenga uthenga wanu ali kwa makolo ake, mwina atayenda tsiku lathunthu pa sitima ya pamtunda, ndipo uthenga wongokamba za ndalama umaphonya malo amene iye ali.

M'mindandanda ya mawu amwayi mumasakanikanso ena a miyambo ina. Shòu bǐ nánshān, wofunira moyo wautali ngati phiri, ndi wa tsiku lobadwa la nkhalamba. Zǎo shēng guìzǐ, kuti mubereke msanga mwana, ndi wa paukwati. Xuéyè jìnbù ndi wa ana a sukulu. Onsewa ndi okoma, koma mkulu wa fakitale wa zaka 40 akalandira mafuno a agogo kapena a mkwatibwi amadziwa kuti mwangokopera osamvetsa.

Dzina ndi udindo

Mafuno abwino amaonongeka mosavuta ndi kaitanidwe kolakwika. Ku Tchaina dzina la mtundu limayamba, dzina lopatsidwa limatsatira, ndipo pa malonda munthu amaitanidwa ndi dzina la mtundu kuphatikiza udindo. Tinene kuti mwini fakitale uja ndi wa mtundu wa Chen, limodzi mwa maina ofala kwambiri kumwera. Iye ndi Chén zǒng (陈总), Tchen tsung. Zǒng ndi chidule cha udindo wa mkulu woyendetsa kampani, ndipo masiku ano amapatsidwa pafupifupi kwa bwana aliyense. Mayi uja, tinene ndi wa mtundu wa Li, ndi Lǐ jīnglǐ (李经理), manijala Li. Mwini sitolo kapena kabizinesi kakang'ono ndi lǎobǎn (老板), lao-pan, ndipo mawu amenewa mukhoza kumuitanira ngakhale simukudziwa dzina lake. Ngati pa khadi lake palembedwa kuti ndi wachiwiri kwa mkulu, poitana uchiwiriwo umasiyidwa, amangokhala zǒng. Kumukweza munthu pang'ono sikulakwa, kumutsitsa ndiye vuto.

Ambiri ogulitsa kunja amadzipatsa maina a Chingerezi kuti alendo asavutike. Pa nkhani za tsiku ndi tsiku dzina limenelo ndi lokwana, koma pa moni wa chaka yesetsani kupeza dzina lenileni la mtundu. Limapezeka pa khadi la bizinesi kapena pa mapepala a mgwirizano.

Kenako pali nǐ ndi nín. Apa Mchewa safuna mphunzitsi: nǐ (你) ndi iwe, nín (您) ndi inu waulemu. Kwa bwana, kwa wamkulu msinkhu, kwa amene simunazolowerane naye, ndi nín. Mafuno onse amayamba ndi zhù nín (祝您), chu nin, ndikufunirani. Nín sagwiritsidwa ntchito kwa gulu. Mukamalembera anthu angapo pamodzi, lembani zhù dàjiā (祝大家), ndikufunirani nonse.

Uthenga wonse, kuyambira pamwamba

Uthenga wabwino umayenda motere: dzina ndi udindo, moni, kuthokoza chifukwa cha chaka chathachi, mafuno, ndipo pomaliza chiyembekezo chopitiriza kugwirira limodzi ntchito. Mafunowo amaikidwa awiri kapena anayi, poti manambala ogawika pawiri amakondedwa pa zinthu zachisangalalo, ndipo kawirikawiri amayambira pa ntchito nkutsikira ku thupi ndi banja. Wopita kwa mwini fakitale ukhoza kukhala uwu:

陈总,新年好!感谢您过去一年的支持。祝您生意兴隆,财源广进,身体健康,阖家幸福!期待新的一年继续合作。

M'Chichewa akuti: Bwana Chen, chaka chabwino! Zikomo chifukwa cha thandizo lanu m'chaka chathachi. Ndikufunirani malonda oyenda, chuma cholowa mbali zonse, thanzi labwino ndi chisangalalo cha banja lonse. Ndikuyembekeza kuti tipitiriza kugwirira ntchito limodzi chaka chatsopanochi.

Wa mayi uja ndi wofupikirapo:

李经理,新年快乐!祝您工作顺利,步步高升,万事如意!

Pansi pake wonjezani chiganizo chimodzi m'chinenero chimene mumalemberana masiku onse, chokumbutsa chinthu chenicheni: kontena imene anaithamangira kuti ikwere sitima doko lisanadzaze, kapena matailosi osweka amene anakusinthirani popanda mkangano. Chifukwa chake nchakuti usiku wa chaka foni ya munthu wotere imalandira mauthenga ochuluka ofanana, otumizidwa kwa anthu onse nthawi imodzi, okongoletsedwa ndi zithunzi za nyali zofiira. Iwo eni amawadziwa ndipo amangowadutsa. Uthenga wokhala ndi dzina lake ndi nkhani yake ndi umene amauyankha ndi dzanja lake. Mafuno khumi ndi awiri ondandalikidwa sapambana anayi osankhidwa.

Chaka chilichonse chili ndi nyama yake mwa nyama 12, ndipo kuitchula kumasonyeza kuti uthenga ndi wa chaka chino. 2025 ndi cha njoka, 2026 cha kavalo, 2027 cha nkhosa kapena mbuzi, poti chilembo chake nchimodzi. Njira yosavuta ndi kutenga dzina la nyamayo nkuwonjezera nián dàjí, chaka cha mwayi waukulu: mǎnián dàjí (马年大吉) m'chaka cha kavalo, yángnián dàjí (羊年大吉) m'chaka cha nkhosa. Chaka cha kavalo chili ndi mwayi wina, chifukwa pali mawu akale akuti mǎ dào chénggōng (马到成功), kavalo akangofika chipambano chafika, amene amayenera bwino munthu woyamba ntchito yatsopano kapena wotsegula msika watsopano. Msampha wake ndi woonekeratu: amene amasunga uthenga wa chaka chatha nkuutumizanso amafunira anthu nyama yolakwika. Komanso nyamayo simasintha pa 1 Januwale, imasintha pa tsiku la Chunjie.

Zolakwa za pakamwa ndi za pa foni

Chimandarini chili ndi mamvekedwe anayi a mawu, amene timizere ta pamwamba pa zilembo timasonyeza: lokwera mosasintha, lokwera kuchokera pansi, lotsika nkukweranso, ndi logwa mwamphamvu. Izi si zachilendo kwa ife amene timasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika pongokweza kapena kutsitsa liwu. Pa mawu onse a moni, limodzi lofunika kulisamala ndi zhù. Liyenera kugwa, ngati mukulamula. Mukalikoka m'mwamba mosatsika limakhala zhū, nkhumba. Kunena zoona, palibe amene angaganize kuti mwamutukwana, chifukwa mawu otsatira amaulula cholinga. Adzangoseka. Koma polemba vuto limakula, chifukwa mukalemba zhu pa foni imakupatsani zilembo zingapo zoti musankhe, ndipo 祝 wofunira ndi 猪 wa nkhumba amakhala moyandikana. Yang'anani chilembocho musanatumize.

China choyang'ana ndi mtundu wa zilembo. Ku Tchaina yaikulu, ku Singapore ndi ku Malaysia amalemba zilembo zofewetsedwa, monga zili m'nkhani ino. Ku Taiwan, Hong Kong ndi Macau amalemba zakale. Gōngxǐ fācái wa kumeneko ndi 恭喜發財. Mapulogalamu osinthira zilembo amapunthwa pomwepa, chifukwa chilembo chofewetsedwa 发 chimaimira zilembo ziwiri zakale: 發 wa kulemera ndi 髮 wa tsitsi. Khadi lotuluka ndi chachiwiricho limaoneka ngati likufunira munthu chuma cha tsitsi. Ngati mukusindikiza makadi, muonetseni munthu wodziwa kuwerenga asanapite ku makina. Pepala likhale lofiira, zilembo zagolide kapena zakuda, ndipo dzina la munthu lisalembedwe ndi inki yofiira. Khadi loyera lokhala ndi zakuda zokha limakumbutsa maliro.

Mukakumana maso ndi maso, mawu amayenda ndi manja. Mwamuna amafumbata dzanja lamanja, nkuliphimba ndi lamanzere pachifuwa, nkugwedeza pang'ono. Mwa mwambo wakale mkazi amasinthanitsa manjawo. Wina akayamba ndiye kukufunirani, mubwezereni mawu omwewo, kapena nenani xièxie, yě zhù nín, zikomo, inunso ndikufunirani, nkuwonjezera mafuno amodzi.

Nanga envelopu yofiira? Mwa mwambo imatsika: kuchokera kwa wamkulu kupita kwa mwana, kwa bwana kupita kwa wantchito. Kumupatsa mwini fakitale envelopu ndi kusokoneza dongosolo, koma kupatsa mwana wake wamng'ono mukamuchezera kunyumba n'koyenera. Pa WeChat, imene inayambitsa maenvelopu a pa foni mu 2014, envelopu imodzi yopita kwa munthu simapitirira mayuwani 200, ndipo anthu amatumizirana tindalama tosonyeza mwayi monga 88 kapena 168, chifukwa 8, bā, amamveka pafupi ndi fā wa kulemera. Nambala 4 imapewedwa poti imamveka ngati imfa, ndipo 250 ndi chitonzo chotanthauza chitsiru. Kwa munthu wa boma kapena wa kampani ya boma, musatumize kalikonse.

Tsiku lake

Nthawi ya ku Tchaina ili patsogolo pa ya kuno ndi maola 6. Tikatenga 2027, chaka chikulowa pakati pa usiku wa Lachisanu pa 5 Febuluwale, pamene kuno ili 6 koloko madzulo a tsiku lomwelo. Mauthenga ambiri amatumizidwa madzulo amenewo ndi m'mawa wa tsiku loyamba. Koma imeneyo ndi nthawi ya WeChat. Kalata ya pa imelo ya kampani iyenera kupita sabata imodzi kapena awiri chikondwerero chisanafike, apo ayi idzawerengedwa anthu atabwerera ku ntchito, itazizira. Moni wotsogola wotere uli ndi mawu ake: gěi nín bài ge zǎonián (给您拜个早年), ndikupatsani moni wa chaka nthawi isanakwane.

Masiku omalizira a chaka chakale ndiwonso olipira ngongole. Mwambo umafuna kuti munthu alowe m'chaka chatsopano alibe mangawa, ndipo mwini fakitale amafunadi ndalamazo kuti alipire antchito asanapite kwawo. Ngati muli ndi ndalama yotsala pa katundu, kuimaliza chisanafike chikondwerero kumalemera kuposa mafuno alionse. Mukalephera, muuzeni msanga tsiku limene mudzalipire, m'uthenga wapadera. Kumbali inayo, ngati ndinu amene muli ndi dandaulo, kaya katundu wosweka, kaya ndalama yoti akubwezereni, musaliphatikize ndi moni, ndipo musalitchule m'masiku oyamba a chaka. Kulonjerera ngongole, kukangana, kapena kutchula matenda ndi kuluza pa masiku amenewo kumatengedwa ngati kuitanira chaka chonse tsoka. Ngati mukudziwa kuti munthuyo waferedwa posachedwa, siyani mawu a chimwemwe ndi a kulemera, mumufunire thanzi ndi mtendere basi.

Mukachedwa, simunataye mwayi. Chikondwerero chimatha pa tsiku la 15 la mwezi woyamba, tsiku la nyali, limene mu 2027 ndi 20 Febuluwale. Kufikira pamenepo mukhoza kunena bài ge wǎnnián (拜个晚年), moni wa chaka wochedwa, ndipo umalandiridwa bwino. Likadutsa tsikulo, moniwo umayamba kumveka wachilendo.

Pali moni wina umene alendo ambiri saudziwa, koma kwa wamalonda ndi waphindu kwambiri. Tsiku lotsegulanso bizinesi limasankhidwa mosamala. Ambiri amakonda tsiku lachisanu ndi chitatu la mwezi woyamba, chifukwa cha 8 uja, ndipo mu 2027 limeneli ndi 13 Febuluwale. Msika waukulu wa ku Yiwu wakhala ukutsegula pa tsiku la 12. Pa tsiku lotsegula amaombera makombola kumene n'kololedwa, ndipo ku Guangdong mabwana amagawira antchito timaenvelopu tofiira toyambira ntchito. Mawu a tsikulo ndi kāigōng dàjí (开工大吉), khai-kung ta-chi, mwayi waukulu poyamba ntchito. Tsikulo simuyenera kulilota, chifukwa mafakitale amatumizira makasitomala awo chidziwitso cha tchuthi chokhala ndi tsiku lotseka ndi lotsegula, ndipo m'mawa wotsegulawo eni ake amaika zithunzi pa WeChat.

Kwa mwini fakitale wa ku Foshan uja, uthenga wa tsikulo ndi waufupi: 陈总,开工大吉! Apa tsopano nkhani ya malonda yaloledwa, ndipo oda yoyamba ya chaka imalandiridwa ngati chizindikiro chabwino, choncho ngati muli nayo, iperekeni tsiku limenelo. Dandaulo la matailosi osweka lidikire masiku awiri kapena atatu ndipo lipite kwa mayi woyang'anira zogulitsa. Pofunsa tsiku lotumizira katundu, funsaninso kuti ndi antchito angati amene abwerera, chifukwa ofesi imatsegula tsiku lachisanu ndi chitatu koma ambiri ogwira pa makina amafika tsiku la nyali litadutsa, ndipo ng'anjo zowotchera matailosi zimatenga masiku angapo kuti zitenthenso.